Nkhani Isanachoke M'manja: Njira Ziwiri Zodzikonzera Zolemba

Munthu akhoza kuwerenga katatu kalata yomwe walemba yekha n'kukhutira kuti zonse zili m'malo mwake. Mnzake n'kungoiyang'ana kamodzi, n'kufunsa kuti, "Apa mwadumpha mawu. Nanga kwenikweni mukupempha chiyani?" Zimenezi zimaonekera mwana wa Fomu 4 amene akulemba chimangirizo, mlembi wa mpingo amene akukonza lipoti la chaka, ngakhalenso mtolankhani yemwe wakalambira pa ntchito yake.

Gwero la vutoli n'loti wolemba amadziwa kale zomwe akufuna kunena. Akamawerenga zolemba zake, mutu umathamangira kutsogolo n'kumadzaza mipata yonse. Mawu osowa amawamva ngati alipo, ndipo mfundo yomwe sanailembe amaiona ngati ili papepala chifukwa ili m'maganizo mwake. Wowerenga wina alibe mwayi umenewo. Iye ali ndi pepala lokha.

Pali njira ziwiri zomwe zimathandiza wolemba kuona zimene zili papepala zenizenizo munthu wina asanazione. Yoyamba ndi kulemba ndondomeko ya mfundo nkhani itatha kale, kuti kamangidwe kake kaonekere poyera. Yachiwiri ndi kuwerenga nkhaniyo mokweza, kuti khutu ligwire zomwe diso ladumpha. Zonsezi sizifuna ndalama: pepala, cholembera ndi malo oduka mphepo basi.

Diso limadumpha, mutu umadzaza

Cha m'ma 1870, dokotala wa maso wa ku Paris dzina lake Louis Émile Javal anafotokoza kuti diso la munthu wowerenga siliyenda mosalala pamzere. Limadumpha, kuima pang'ono, kenako kudumphanso. Kafukufuku wa zaka zotsatira anaonetsa kuti mawu aafupi ndi omwe munthu akuwayembekezera kale ndiwo amadumphidwa kawirikawiri. M'Chichewa, mawu otere ndi monga "ndi", "pa", "ku" ndi "wa". Mlembi akalemba kuti "Mudzi wathu uli mabanja ambiri", diso lake silidandaula, chifukwa ngakhale "ndi" akanakhalapo silikanaimapo.

Mu 1993, akatswiri awiri a ku Canada, Meredyth Daneman ndi Murray Stainton, anayerekeza mmene anthu amapezera zolakwika m'nkhani zolemba okha ndi m'nkhani za anthu ena. Anapeza kuti anthu ankaphonya zolakwika zambiri m'nkhani zawozawo. Kuidziwa bwino nkhani, komwe kumaoneka ngati mwayi, ndi komwe kumaphimba maso.

Palinso vuto lina lalikulu kuposa mawu odumphidwa. Mu 1980, mphunzitsi wa kalembedwe wa ku America, Nancy Sommers, anasindikiza zomwe anapeza atatsatira ophunzira 20 ndi alembi okhwima 20 pamene ankakonza zolemba zawo. Ophunzirawo ankangosinthanitsa mawu: kuchotsa ili n'kuikapo lina lomveka bwinoko. Alembi okhwima aja ankayamba ndi kufunafuna maonekedwe a nkhani yonse, kuti mfundo yaikulu ili pati, chikuichirikiza n'chiyani, ndipo ndi gawo liti loyenera kusuntha kapena kuchoka. Ndondomeko yapambuyo ndi njira yophweka yoti aliyense aone nkhani yake mmene alembi okhwimawo amaionera.

Ndondomeko yolembedwa nkhani itatha

Kusukulu, ana amaphunzitsidwa kuyala mfundo asanayambe chimangirizo. Ndondomeko imeneyo imanena zomwe wolemba akufuna kuchita. Ndondomeko yapambuyo imanena zomwe wachitadi, ndipo ziwirizi sizifanana kawirikawiri, chifukwa munthu akamalemba maganizo atsopano amabwera m'njira n'kuikhotetsa nkhani.

Kachitidwe kake n'kotere. Wolemba amaika kaye nkhaniyo pambali, usiku umodzi ngati nthawi ilipo. Kenako amatenga pepala lina n'kulemba pamwamba pake chiganizo chimodzi chonena zomwe akufuna kuti wowerenga adziwe kapena achite akamaliza kuwerenga. Akatero amaika nambala pa ndime iliyonse ya nkhani ija. Pa nambala iliyonse amalemba papepala latsopanolo chiganizo chimodzi chachifupi chonena zomwe ndimeyo ikunena. Kumbali kwake amaonjeza mawu awiri kapena atatu onena ntchito ya ndimeyo: kodi ikupempha, ikupereka umboni, ikufotokoza chifukwa, kapena ikuyankha wotsutsa?

Lamulo lofunika kwambiri n'loti alembe zomwe zili papepala zokha. Ngati ndime yachitatu inayenera kunena za ndalama koma yathera pa kudandaula za mvula, chiganizo chake chikhale cha mvula.

Chitsanzo chongopeka koma chofanana ndi makalata ambiri a m'midzi chithandiza apa. Mlembi wa komiti ya mjigo walemba kalata yopita ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo ya boma. Mjigo wa m'mudzi wawo wawonongeka. Mmisiri wanena kuti zipangizo ndi ntchito zifuna K450,000, anthu asonkha K180,000, ndipo komiti ikupempha thandizo la ndalama yotsalayo. Mlembiyo walemba ndime zisanu ndi zitatu, ndipo iye akuona kuti kalatayo ndi yaulemu ndi yokwanira. Pamwamba pa pepala lake lachiwiri walemba cholinga: "Ofesi ya zamadzi itithandize ndi K270,000 yokonzera mjigo." Ndondomeko yomwe yatuluka ndi iyi:

1. Mudzi wathu ndi wakale ndipo anthu ake ndi olimbikira ulimi.
2. Mjigo wathu ndi umodzi ndipo mabanja 120 amatunga pamenepo.
3. Madzi aukhondo ndi ofunika pa moyo wa munthu.
4. Mapaipi awiri ang'ambika ndipo ndodo imodzi yathyoka, komanso amayi akutunga madzi kudambo ndipo ana ayamba kutsekula m'mimba.
5. Anthu asonkha K180,000.
6. Kudambo n'kutali, ndipo atsikana akuchedwa kusukulu.
7. Tikuthokoza khonsolo chifukwa cha mlatho wa chaka chatha.
8. Tikupempha K270,000.

Kalata ya masamba awiri yasanduka mizere isanu ndi itatu, ndipo zomwe zinabisala m'mawu ambiri aja tsopano zili pambalambanda.

Choyamba kuoneka ndi malo a pempho. Cholinga chomwe chili pamwamba pa pepala chikupezeka pa nambala 8, kumapeto kwenikweni. Mkulu wa ofesi amene ali ndi makalata ambiri patebulo ayenera kudutsa mbiri ya mudzi, ubwino wa madzi ndi mlatho asanadziwe chomwe akufunsidwa. Izi zimachitika kawirikawiri chifukwa wolemba amaitulukira mfundo yake ali m'kati molemba, ndiye imakathera kumunsi. Ulemu wa kalata suwonongeka pempho likabwera msanga. Moni wa mzere umodzi kapena iwiri ndi wokwanira.

Chachiwiri ndi nambala 4. Mlembi walephera kuifupikitsa popanda mawu akuti "komanso". Chimenechi ndi chizindikiro chodalirika chakuti ndime imodzi yasenza nkhani ziwiri: kuwonongeka kwa mjigo, ndi mavuto omwe abwera chifukwa cha kuwonongekako. Akayang'ana m'munsi, apeza kuti theka lachiwiri la nambala 4 ndi nambala 6 ndi nkhani imodzi yomwe yadulidwa pakati ndi ndime ya ndalama. Ziyenera kukhala pamodzi.

Chachitatu ndi ndime zopanda ntchito. Pa nambala 3, mlembi akafuna kulemba ntchito ya ndimeyo, cholembera chimaima. Siikupempha, siikupereka umboni, ikungouza katswiri wa zamadzi kuti madzi ndi ofunika. Nambala 1 ndi nambala 7 nazonso sizikukankhira pempho patsogolo. Kuthokoza chifukwa cha mlatho ndi khalidwe labwino, koma kukhoza kukwana m'chiganizo chimodzi potsanzika.

Chachinayi ndi chovuta kuchiona kuposa zonse, chifukwa ndi chinthu chomwe palibe. K450,000 sikupezeka pamzere uliwonse. Mlembi ankaidziwa bwino nambalayi moti sanazindikire kuti sanailembe. Kwa wowerenga, K270,000 yangotulukira osadziwika kochokera. Palibenso mzere wonena mmene mjigo udzasamalidwire ukakonzedwa, lomwe ndi funso lomwe wopereka thandizo aliyense amakhala nalo.

Pali kachiyeso kena kothandiza. Wolemba amawerenga mizere ija yokhayokha, n'kumayesa kuika mlumikizi pakati pa mzere ndi unzake. Pomwe pakulowa "choncho", "chifukwa" kapena "koma", mfundo zagwirana. Pomwe pakungolowa "komanso", mfundozo zangoyandikana. M'kalata ya mjigo, pakati pa 5 ndi 6 sipalowa "choncho": kusonkha ndalama sikuchititsa kuti kudambo kukhale kutali. Koma pakati pa 5 ndi 8 akulowa bwino: anthu asonkha gawo lawo, choncho akupempha gawo lotsala.

Kukonza kumayambira papepala la ndondomekolo, nkhani yeniyeni isanakhudzidwe. N'kosavuta kusuntha mizere isanu ndi itatu kusiyana ndi kusuntha masamba. Mlembi uja amathera ndi ndime zisanu. Yoyamba ndi moni ndi pempho la K270,000. Yachiwiri ikunena chomwe chawonongeka ndi mtengo wonse wa K450,000 monga mmisiri wawerengera. Yachitatu ikufotokoza za mabanja 120, dambo, matenda ndi sukulu. Yachinayi ikuonetsa zomwe mudzi wachita kale ndi mmene komiti izisonkhetsera ndalama zosamalira mjigo mwezi ndi mwezi. Yachisanu ndi kuthokoza ndi kunena munthu woti ofesi ilankhule naye.

Pomwe njirayi imalakwikira

Anthu ambiri akamayesa koyamba amalemba mitu m'malo mwa ziganizo. Pa nambala 2 amalemba "za mjigo", pa nambala 4 "za mjigo", pa nambala 5 "za ndalama". Mndandanda wotere suulula kanthu, chifukwa ndime iliyonse imakhala ndi mutu ngakhale ilibe mfundo. Mzere uliwonse uyenera kukhala ndi mneni, kuti unene chinthu chomwe wina angavomereze kapena kukana. Ngati ndime ikukanika kufupikitsidwa motero, nthawi zambiri ndiye kuti wolemba sanatsimikize chomwe akufuna kunena pamenepo.

N'chifukwa chake amene amalemba malipoti aatali pa kompyuta asadalire mitu yokha. Mu Microsoft Word, munthu akapita pa View n'kusankha Navigation Pane, amaona mitu yonse ya lipoti m'mbali ndipo akhoza kukoka gawo lonse n'kuliika pena, malinga mituyo inaikidwa ndi Heading. Chida chimenechi n'chabwino posuntha zigawo, koma mutu wakuti "Zotsatira" sunena ngati pansi pake pali zotsatiradi.

Cholakwika china ndi kuyamba kukonza ziganizo ndondomeko ili m'kati. Wolemba amaona mawu obwerezedwa pa ndime yachitatu, n'kutha theka la ola akuisalaza, pamene ndimeyo ndi yoti ichotsedwe. Kuteroko n'kupaka pulasitala khoma loti ligumulidwa mawa. Choipa kwambiri n'choti ndime yomwe munthu waivutikira imavuta kuitaya, ndiye amaisunga ngakhale ilibe ntchito.

Njirayi imagwiranso pa nkhani zopeka, kungoti funso limasintha. M'malo mofunsa zomwe ndime ikunena, wolemba amafunsa chomwe chasintha pa chochitika chilichonse: ndani wadziwa chinthu chatsopano, ndani wataya kanthu, ndani wasankha njira. Chochitika chomwe chikutha zinthu zili monga zinalili poyamba ndicho chimagonetsa wowerenga.

Tsopano khutu

Kamangidwe kakakhazikika, ntchito imasamukira ku ziganizo. Gustave Flaubert, mlembi wa ku France, anatha zaka pafupifupi zisanu, kuyambira 1851 mpaka 1856, akulemba buku la Madame Bovary kunyumba kwake ku Croisset, pafupi ndi mzinda wa Rouen. Iye anali ndi chizolowezi chowerenga ziganizo zake mofuula ali yekha m'chipinda, kuti amve ngati zikuyenda ndi mpweya wa munthu, ngati mawu ena akubwerezeka, kapena ngati pali pomwe lilime likupunthwa. Chiganizo cholephera mayesowa ankachilembanso.

Chomwe chimapangitsa njirayi kugwira ntchito n'choti pakamwa sipadumpha mawu monga diso. Kuti liwu limveke liyenera kutchulidwa, ndipo kutchulako kumachedwetsa wowerenga. Mu 2019, Marc Brysbaert wa pa yunivesite ya Ghent ku Belgium anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana ndipo anapeza kuti munthu wamkulu wowerenga Chingerezi chamumtima amawerenga mawu pafupifupi 238 pa mphindi, pamene mokweza amawerenga pafupifupi 183. Mawu a Chichewa ndi aataliatali, choncho nambala zake zingatsikepo, koma mfundo ndi yomweyo: liwiro likatsika, mutu umasowa mpata wothamangira kutsogolo.

Kwa alembi a kuno palinso chifukwa china. Zolemba zambiri za Chichewa zimathera m'makutu. Kalata ya komiti imawerengedwa pamsonkhano isanasainidwe, zolengeza zimawerengedwa kutchalitchi kapena kumzikiti, uthenga umaulutsidwa pa wailesi. Chiganizo chomwe chikumutsamwitsa mwiniwake chidzamutsamwitsanso amene adzachiwerenge pagulu.

Kuwerenga kwake kukhale kwa mawu enieni, kongokwanira kuti munthu wokhala kutsidya kwa tebulo amve. Kunong'ona kapena kungogwedeza milomo sikukwanira, chifukwa diso limayambanso kuthamanga. Ndi bwino kuwerengera papepala, chala kapena rula ili pansi pa mzere. Ngati chosindikizira palibe, kusintha kukula ndi mtundu wa zilembo pa kompyuta kumathandiza kuti nkhani ioneke yachilendo. Pomwe pavuta, wolemba aike kachizindikiro m'mphepete n'kupitirira. Akaima kuti akonze pomwepo amataya kayendedwe ka ndime yonse, ndipo sangamve ngati mawu ena abwerezeka kutsogoloko. Kukonza kubwere atafika kumapeto.

Zizindikiro zoyenera kutchera khutu zilipo zinayi, ndipo zonse zikupezeka m'kalata ya mjigo ija.

Choyamba ndi kutha mpweya. Mlembi analemba kuti: "Mapaipi awiri a mjigo umene unakumbidwa ndi bungwe lina lomwe linabwera m'dera lino pa nthawi ya chilala unang'ambika, zomwe zachititsa kuti amayi amene amatunga madzi pamenepo, omwe ambiri mwa iwo ndi okalamba, azipita kudambo." Powerenga mokweza, mpweya ukuthera pakati. Koma khutu lagwiranso china. Mwininkhani ndi "mapaipi", pamene mneni akuti "unang'ambika". Mtunda wa pakati pa dzina ndi mneni wake unatalika kwambiri moti mgwirizanitsi anatsatira "mjigo". Munthu wobadwira m'Chichewa sangalankhule chotero, ndipo akachimva amadzidzimuka, koma papepala chimadutsa. Chikadulidwa pawiri chimachira: "Mapaipi awiri a mjigowu anang'ambika. Tsopano amayi, ambiri a iwo okalamba, akukatunga madzi kudambo."

Sikuti chiganizo chachitali chilichonse n'cholakwika. Chachitali chomangidwa bwino chimakhala ndi malo opumira, ndipo mawu amatsika okha pa mpatuliro. Chomwe chimafuna mpeni ndi chija chomwe wowerenga akufika kumapeto ataiwala kuti chinayamba ndi ndani.

Chizindikiro chachiwiri ndi pamene pakamwa panena zosiyana ndi zomwe zalembedwa. Papepala pali "Komiti inapanga chiganizo chotenga sitepe yofikira ofesi yanu", koma mlembi akuwerenga amapezeka atanena kuti "Komiti inagwirizana zokupemphani thandizo." Apa pakamwa pakonza Chichewa chomwe chinaganizidwa m'Chingerezi. Anthu amene amagwira ntchito m'Chingerezi tsiku lonse amalemba ziganizo zotere osadziwa, ndipo khutu ndilo limadziwa kuti kumudzi palibe amene amalankhula choncho. Zomwe pakamwa panena zokha nthawi zambiri ndizo zoyenera kulembedwa. Koma nthawi zina kusiyanaku kumaulula mawu osowa: wowerenga wanena "uli ndi mabanja 120", chala n'kusonyeza kuti "ndi" palibe. N'chifukwa chake chala chiyenera kuyendera limodzi ndi mawu.

Chachitatu ndi kubwerezabwereza. Ndime yachitatu ya kalata ija inali ndi ziganizo zinayi zotsatizana zoyamba ndi "Komanso". Diso silinaone chifukwa mawuwa anagwera malo osiyanasiyana m'mizere, koma khutu linawamva ngati munthu akugogoda. Chimodzimodzi ndi mawu monga "kwambiri", "ndithu" ndi "zedi", omwe akachuluka amafooketsa chomwe amafuna kulimbitsa. Kuti "ana ayamba kutsekula m'mimba" n'kolemera kale pakokha.

Chachinayi n'chosavuta kuchinyalanyaza: mawu a wowerenga akayamba kuthamanga kapena kuzilala. Munthu akafika pa gawo lomwe likumutopetsa amalithamangitsa osazindikira. Ngati mwini nkhani akufuna kudumpha ndime, mlendo adzaidumphadi. Pamenepo funso si la mawu ayi, koma ngati gawolo likufunika lonse.

Ena amadzijambula mawu pa foni n'kumvetsera pambuyo pake, pepala lili patali. Njirayi ndi yabwino poyesa ngati mfundo zikutsatika kwa munthu wongomva. Yoipa yake n'njoti mawu omwe pakamwa panadzaza pokha amamveka ngati alipo, choncho siilowa m'malo mwa kuwerenga ndi chala pamzere.

Chifukwa chake ndondomeko iyambe, khutu litsatire

Kusuntha ndime kumathyola zolumikizira, ndipo khutu ndilo limapeza pothyokapo. M'kalata yatsopano ija, pempho litakwera pamwamba linabwera ndi mawu ake akale akuti "monga tafotokozera pamwambapa", pamene pamwamba pake pali moni wokha. Ndime yachiwiri inayamba ndi "Mmisiriyu anati", chonsecho mmisiri sanatchulidwe paliponse, chifukwa chiganizo chomutchula koyamba chinapita ndi ndime yomwe inachotsedwa. Timawu tolozera monga "-yu", "-wu", "uja" ndi "zimenezi" timadalira zomwe zanenedwa kale, ndipo ndondomeko siingationetse, popeza imangoona mfundo zikuluzikulu. Wowerenga mokweza kuchokera pamwamba amapunthwa pomwepo n'kufunsa kuti, mmisiri uti?

Zimachitikanso kuti kuwerenga mokweza kumabweza wolemba ku ndondomeko. Ngati ndime ina ikukanika kumveka ngakhale ziganizo zake zakonzedwa kawiri, vuto lake si mawu. Mwina ili pamalo olakwika, kapena ikadali ndi nkhani ziwiri.

Zomwe njira ziwirizi sizingagwire

Khutu la mwini nkhani lili ndi malire ake, makamaka m'Chichewa. Chinenerochi chimasiyanitsa matanthauzo ena ndi kukweza kapena kutsitsa kwa liwu, koma kalembedwe ka tsiku ndi tsiku sikaonetsa kusiyanaku. Mlembi analemba kuti, "Mtengo ndiwo watilepheretsa kukonza mjigo." Iye akamawerenga amatchula mtengo wogulira zinthu, ndipo zikumveka bwino. Wowerenga wina akhoza kuganiza za mtengo womera womwe wagwera pamjigo. Kuwerenga mokweza kumabisa vuto lotere m'malo moliulula, chifukwa wolemba amabweretsa yekha katchulidwe komwe papepala palibe. Mankhwala ake ndi kuyang'ana mwadala mawu a matanthauzo awiri n'kuwapatsa owathandiza: "Zipangizo zakwera mtengo, choncho talephera kukonza mjigo."

Chimodzimodzi ndi chiganizo chakuti "Wapampando anauza mmisiri kuti adzabweretsa ndalama zake Lachisanu." Mwini kalata akudziwa kuti wobweretsa ndi wapampando ndipo ndalamazo ndi za mmisiri, ndiye mawu ake sakhumudwa paliponse. Mlendo sangadziwe. Pa "iye", "zake" ndi "iwo" aliyense, wolemba ayenera kudzifunsa ngati pali anthu awiri omwe angalozedwe.

Kalembedwe ka mawu nakonso khutu silikamva. "Lero" ndi "lelo" zimamveka chimodzimodzi, ngakhale malamulo a kalembedwe ka Chichewa amafuna "r" pambuyo pa "e" ndi "i". Nkhodolero ikasowa pa "m'bale", papepala pamatsala "mbale" yodyera, koma wolemba amatchulabe wachibale wake. Zoterezi zimafuna kuwerenga kwina kwa diso lokha, pang'onopang'ono. Akonzi ena amayambira chiganizo chomaliza kubwerera kumayambiriro, kuti tanthauzo lisawakoke.

Nambala, masiku ndi mayina zimafunanso ulendo wawowawo. Munthu amene akudziwa kuti akupempha K270,000 adzatchula ndalama imeneyo ngakhale papepala pali K27,000. Apa mlembi amatenga buku la msungichuma ndi pepala la mmisiri, n'kuyerekeza nambala iliyonse ndi gwero lake, kenako n'kuchotsera yekha K180,000 pa K450,000 kuti aone ngati yotsalayo ikugwirizana ndi pempho. Ndondomeko kapena khutu sizinganene ngati mabanja alidi 120. Zimenezo zili m'kaundula wa komiti.

Pa kalata ya masamba awiri ngati iyi, ntchito yonseyi ikhoza kutha mu ola limodzi, ndipo nthawi yambiri imapita pa ndondomeko ndi kusuntha ndime. Zikatero kalata imapita kwa wapampando ndi mamembala ena a komiti. Popeza pempho lili pamwamba, nambala zikugwirizana ndipo ziganizo zikuwerengeka, nthawi ya msonkhano ikhoza kupita pa mafunso omwe mlembi sakanayankha yekha: ngati mudzi upemphe ndalama kapena zipangizo zenizenizo, ngati a mfumu asainire nawo, ndi ngati ndalama yosonkha mwezi ndi mwezi yomwe yalonjezedwa m'ndime yachinayi ndi yoti mabanja angaikwanitse.